Alubamu yanga ya malisiti yatsala dzina lokha, zithunzi zapita kuti?

Nyenyezi_ya_mmawa
Abale ndithandizeni chonde. Ine ndikalipira chinthu pa foni ndimajambula sikirinishoti ya lisiti nkuiika mu alubamu yomwe ndinapanga mu Google Photos, ndinaitcha Malisiti. Foni itayamba kudandaula kuti malo atha ndinalowa mu foda ya Screenshots nkufufuta zonse, poti zofunikazo zinali kale mu alubamu. Nde lero munthu amene ndimamulipira pang'onopang'ono katundu yemwe ndinatenga akuti gawo lachiwiri sanalandire, ndikuti nditsegule alubamu ija ndimuonetse, mulibe olo chithunzi chimodzi, dzina lokha basi. Mu alubamumo sindinakhudzemo ine. Zapita kuti? Pali njira yozibwezera?

Kadziwotche
Pepani achemwali koma zimenezo zapita. Chinthu ukafufuta pa foni ndiye kuti chatha, pokhapokha mukanakhala ndi memole khadi.

Wokonza_Mafoni
Ayi Kadziwotche musawaopseze, sizinapite msanga choncho. Achemwali, choyamba musakhudze chilichonse cholembedwa Empty trash. Ndiyankheni ziwiri izi. Munafufutira mkati mwa Google Photos momwemo kapena mu apu ina ya mafayilo? Ndipo papita nthawi yaitali bwanji?

Nyenyezi_ya_mmawa
Momwemo mu Google Photos achimwene. Ukhala mwezi ndi theka tsopano.

Wokonza_Mafoni
Nde mwayi ulipo. Tsegulani Google Photos, pansi dinani Collections (ngati apu yanu ndi yakale palembedwa Library), kenako Trash, mafoni ena amalemba Bin. Zithunzi zomwe zinakwera pa akaunti yanu zimadikira mmenemo masiku 60, zomwe zinali pa foni pokha zimadikira masiku 30. Sankhani malisitiwo mudine Restore, abwerera okha mpaka mu alubamu momwe anali, simufunika kuwaikanso.

Chomwe chinachitika nchakuti alubamu ya mu Google Photos siisunga chithunzi chachiwiri. Ili ngati mndandanda wa maina, munthu akachoka pamudzi dzina lokha silingakuyankheni. Chithunzi nchimodzi chomwecho, chimangooneka malo awiri, mu Screenshots ndi mu Malisiti. Ndiye mutadina Move to trash muli mu Screenshots munataya chenichenicho, alubamu nkutsala ilibe choonetsa.

Kadziwotche
Koma ine pa foni yanga ndimasamutsa zithunzi kupita mu alubamu nkufufuta zotsala mu Screenshots, ndipo sizisowa. Nde zimene mukunenazi si zonse.

Wokonza_Mafoni
Mukunena zoona pa foni yanuyo. Mumagwiritsa Gallery ya Samsung eti? Kumeneko alubamu yomwe mwapanga ndi foda yeniyeni mu memole, nchifukwa chake imakufunsani Copy kapena Move. Mukasankha Move fayilo imachokadi mu Screenshots nkupita ku foda yatsopanoyo, mukasankha Copy zimakhala ziwiri ndipo zimadya malo kawiri. Dzina ndi lomwelo la alubamu koma kagwiridwe kake nkosiyana, apa mpomwe anthu ambiri amapwetekera, makamaka akasintha foni nkupitiriza chizolowezi cha foni yakale.

Njira yodziwira musanafufute zambiri: jambulani sikirinishoti yopanda ntchito, iikeni mu alubamu, ifufuteni mu Screenshots, mukaone ngati ikadali mu alubamu. Mphindi imodzi yokha mwadziwa mtundu wa alubamu yomwe muli nayo.

Kadziwotche
Ee ndi Samsung. Chabwino ndamva, koma ine ndiona kuti yanga ija ndiye yabwino, chinthu chimakhala pomwe wachiika.

Phwiti22
Pa iPhone ndi chimodzimodzi ndi za achemwaliwa. Ukadina kabini uli mu alubamu imakufunsa ngati ukufuna Remove from Album kapena kufufutiratu, ukafufutiratu chimachoka paliponse, ngakhale pa iCloud ndi pa zipangizo zina zomwe zili pa akaunti yomweyo. Recently Deleted imasunga masiku 30 okha. Anthu amaganiza kuti iCloud ndi kosungira kwapadera pomwe imangotsatira zomwe wachita pa foni.

Nyenyezi_ya_mmawa
Zabwera!! Zikomo kwambiri achimwene Wokonza_Mafoni, alubamu yadzadzanso. Koma lisiti lomwe ndikulifunalo, la gawo lachiwiri, palibe. Mu Trash mulibenso. Ndikukumbuka bwinobwino kuti ndinajambula tsiku limenelo.

Wokonza_Mafoni
Munaliika mu alubamu limenelo? Ndikufunsa chifukwa chithunzi mukachiika mu alubamu ya Google Photos chimakwera pa akaunti, nchifukwa chake zinazo zapeza masiku 60. Koma ngati munangojambula nkuiwala kuliika, ndipo foda ya Screenshots siinatsegulidwe bakapu, linali pa foni pokha, masiku ake 30 anakwana ndipo lachoka. Izi zikugwirizana ndi mwezi ndi theka womwe mwanena.

Musataye mtima, sikirinishoti si lisiti lenileni, ndi chithunzi chake chabe. Lowani mu apu yomwe munalipirira muyang'ane mbiri ya zomwe munatumiza, kapena mufufuze meseji yotsimikiza yomwe inabwera tsiku limenelo, kapenanso mupemphe sitetimenti. Chomwe mukufuna ndi nambala ya malipirowo, ija imakhala ndi zilembo zosakanikirana ndi manambala. Imeneyo ndi yomwe munthu winayo angafufuzire mbali yake.

Kenako kuti zisachitikenso, dinani chithunzi cha akaunti yanu pamwamba kumanja, Photos settings, Backup, Back up device folders, muyatse pa Screenshots. Mafoni ena amasunga masikirinishoti mu DCIM pamodzi ndi za kamera ndiye amakwera okha, koma ena amasunga mu Pictures ndipo kumeneko sakwera mpaka mutayatsa nokha.

Mlonda_wa_usiku
Kuyatsa Screenshots yonse? Nde zinyalala zonse zija zikwera, data ithera pamenepo ndipo 15 GB yaulere ija imagawana ndi Gmail ndi Drive. Ikadzadza maimelo amasiya kulowa.

Wokonza_Mafoni
Mfundo yabwino. Masikirinishoti okha sadya kwambiri, ambiri sapitirira 2 MB, chimene chimadzadzitsa ndi mavidiyo. Mutha kuika kuti bakapu izichitika pa Wi-Fi pokha. Koma ngati simukufuna zinyalala zikwere, siyani chozimitsa, kungoti mudzilamule kuti lisiti lizilowa mu alubamu nthawi yomweyo musanaike foni mthumba. Ambiri amalephera pamenepo, nchifukwa chake ine ndimauza anthu kuti angoyatsa.

Gogo_wa_Anayi
Ana anga ine ndifunse nawo. Ndili ndi malisiti a mapepala aja amatuluka pa kamakina, ndinawasunga mu envelopu koma zolemba zafufutika, pepala langotsala loyera. Sikirinishoti mukunenayi ingathe kuwabweza?

Phwiti22
Ayi agogo, sikirinishoti imajambula zomwe zikuoneka pa galasi la foni basi, za papepala mumajambula ndi kamera. Mapepala amenewo salembedwa ndi inki, amalembedwa ndi kutentha, ndiye dzuwa ndi kutentha zimawafufuta pakapita nthawi. Omwe ayera kale ndi ovuta, koma atsopano muziwajambula tsiku lomwelo, muyale pepala pamalo osalala, kuwala kuchokere kumbali, ndipo muone ngati deti ndi nambala zikuwerengeka musanachoke. Mukatero chithunzicho chitha kulowa mu alubamu yomweyo ya malisiti.

Gogo_wa_Anayi
Zikomo mdzukulu wanga. Nanga sikirinishotiyo amajambula bwanji? Ana amangondichitira mofulumira sindiona.

Phwiti22
Ngati ndi Android dinani batani lozimitsira foni pamodzi ndi lotsitsira mawu, nthawi imodzi, nkusiya msanga. Sikirini iphethira ndipo kachithunzi kaoneka pakona. Mukayamba ndi lotsitsira mawu lokha foni imangotsitsa mawu, ndiye zala ziwirizo zifike limodzi. Mafoni ena amalolanso kutsetsereza zala zitatu kuchokera pamwamba kupita pansi, kwa inu mwina imeneyo ndiyo yosavuta. Pa iPhone yopanda batani lapakati ndi batani lambali ndi lokwezera mawu.

Tsabola_Wakale
Ine ndilankhule ngati wogulitsa, ndipo musandimve molakwika achemwali Nyenyezi sindikunena inu. Sikirinishoti kwa ine si umboni. Anthu amasintha manambala pa chithunzi, ena amatumiza lisiti lakale atadula deti, ena amajambula sikirini ija yofunsa ngati ukutsimikiza kutumiza, nkudina kukana pambuyo pake. Ine katundu satuluka mpaka ndione ndalama mu akaunti yanga ndi maso angawa. Ndiye zosunga maalubamuzi ndimaona ngati kutaya nthawi, mbiri yonse ili kale ku banki.

Mwana_wachisamba
Apa nde ayi bambo. Kuti si umboni wokwanira ndikuvomera, koma kutaya nthawi ayi. Maapu ena amangoonetsa zomwe unatumiza posachedwapa, zakale umachita kupempha. Meseji nayo imasowa ukasintha foni. Komanso sikuti zonse ndi za ndalama, pali nambala ya oda, tsiku lomwe analonjeza kubweretsa katundu, mawu omwe munagwirizana pa macheza munthu asanawafufute. Zimenezo banki ilibe.

Tsabola_Wakale
Za mawu a pa macheza ndavomera, zimenezo nanenso ndimajambula. Koma za malipiro sindisintha maganizo.

Wokonza_Mafoni
Nonse muli ndi mbali yanu. Ine ndimati ntchito ya sikirinishoti ndi kukupatsa pogwira pokafufuza, ndiye izikhala ndi zinthu zomwe wina angafufuzire. Musanajambule dikirani mpaka sikirini yomaliza, yomwe yalemba kuti zatheka, mwina Successful kapena Completed, osati Pending kapena Processing. Pending ndiye kuti ndalama zikadali mnjira ndipo zitha kubwerera. Pa chithunzipo pazioneka nambala ya malipiro, deti ndi nthawi, kuchuluka kwa ndalama, ndi dzina kapena nambala ya wolandira. Chimodzi chikasowa mudzakangana.

Ndipo musamadule chithunzi chomwe mukusunga. Anthu amakonda kudula kuti chioneke bwino nkuchotsa pamwamba pomwe pali dzina la apu ndi nthawi. Sungani chathunthu, ngati mukufuna kubisa ndalama zotsala mu akaunti potumizira munthu, pangani kope nkudula kopeyo.

Nyenyezi_ya_mmawa
Vuto lake malisiti ena ndi aatali, nambala ili pamwamba, dzina la wolandira lili pansi, sizikwana pa chithunzi chimodzi. Ndimajambula kawiri koma pambuyo pake sindidziwa kuti chachiwiricho ndi cha lisiti liti.

Wokonza_Mafoni
Pali sikirinishoti yaitali. Mukangojambula, pansi pamabwera timabatani kwa masekondi ochepa, kuyambira Android 12 pamalembedwa Capture more, pa Samsung ndi kachizindikiro ka timivi toloza pansi, mukamadina kamatsika nako tsamba. Siigwira mu apu iliyonse, ikakana jambulani kawiri koma muonetsetse kuti mzere womaliza wa chithunzi choyamba ukuonekanso pamwamba pa chachiwiri, zizilumikizana.

Chenjezo lake nlakuti chithunzi chachitali mukachitumiza pa WhatsApp ngati chithunzi wamba chimafinyidwa, zilembo zazing'ono nkusawerengeka, 8 ndi 3 kumafanana. Chitumizeni ngati Document, chimafika momwe chilili. Ndipo ngati apu ili ndi batani la Share receipt kapena Download, limenelo ndi labwino kuposa sikirinishoti chifukwa limatulutsa lisiti lonse, nthawi zambiri PDF. Kungoti PDF siilowa mu alubamu ya zithunzi, imakhala mu Downloads, ndiye ine ndimasunga zonse ziwiri.

Mlonda_wa_usiku
Apu ya banki yanga imakana kujambula. Imalemba kuti sizololedwa, nthawi zina chithunzi chimangotuluka chakuda bii. Foni yaonongeka?

Kadziwotche
Ikani apu ina yojambulira sikirini, zilipo zambiri zaulere, zimadutsa zimenezo.

Wokonza_Mafoni
Ayi ayi, izi musayese. Foni siinaonongeke, eni apu anatseka dala kuti apu ina yakuba isamaone zomwe zili pa sikirini, ndipo amene amatseka ndi Android mwini wake atapemphedwa ndi apuyo, ndiye apu yojambulira wamba nayonso ingotulutsa chakuda chomwecho. Yomwe ikulonjeza kudutsa nkumakupemphani zilolezo zambirimbiri ndi yomwe muyenera kuiopa, mukuipatsa maso pa akaunti yanu ya ndalama. Gwiritsani batani lotumizira lisiti lomwe lili mu apu, kapena jambulani meseji yotsimikiza, zikavuta tengani foni ina mujambule ndi kamera.

Mwana_wachisamba
Poti takamba zojambula, ine ndibweretse yanga. Mayi anga amakhala kutali ndipo kuwafotokozera pa foni kuti dinani apa kenako apo kumatitengera nthawi yaitali mpaka tonse kutopa. Nde ndinayamba kuwajambulira vidiyo ya sikirini, ndikuchita ndekha pang'onopang'ono kwinaku ndikulankhula. Ukatsitsa timabatani ta pamwamba kawiri umapeza Screen record, pa Android ilimo kuyambira Android 11 ya 2020 ngakhale mafoni ena anali nayo kale, umasankha maikolofoni kuti mawu ako amveke, nkuyatsa Show touches on screen kuti pomwe chala chagunda pazioneka kadontho. Popanda kadonthoko munthu amangoona masamba akusintha osadziwa kuti wadina pati. Imawerenga 3, 2, 1 nkuyamba. Pano ali ndi alubamu yawo ya Malangizo, muli kavidiyo ka momwe angalipirire bilu, ka momwe angatumizire chithunzi, ka momwe angabwezere mawu foni ikakhala chete. Akaiwala amangoonera, akhoza kuimitsa pakati nkuchita nawo limodzi, sachitanso manyazi kufunsa kachitatu.

Phwiti22
Nzeru yabwino iyi. Pa iPhone ili mu Control Center, ukadina nkugwiritsitsa kabatani kozungulira kaja mpomwe umayatsa Microphone, ukangodina kamodzi vidiyo imatuluka yopanda mawu ako.

Wokonza_Mafoni
Ndi yabwinodi koma ndikufunseni aMwana_wachisamba, ka kulipira bilu kaja munajambula mpaka polemba pini?

Mwana_wachisamba
Mpaka kumapeto, koma pini imaoneka timadontho tokha.

Wokonza_Mafoni
Kaonereninso pang'onopang'ono. Pa mafoni ambiri nambala iliyonse imaoneka kaye kanthawi kochepa isanasanduke kadontho, pa vidiyo munthu amangoimitsa nkuwerenga. Ngakhale isaoneke, kadontho ka chala komwe mwayatsa kaja kakuloza batani lililonse lomwe mwadina pa kiyibodi. Ndipo pa njira zija zoyamba ndi nyenyezi nkuthera ndi # pini nthawi zambiri imalembedwa poyera, osabisika nkomwe. Vidiyoyo ili pa foni ya mayi, ili pa macheza anu, mwina yakweranso pa akaunti, aliyense wobwereka foni ija atha kuiona.

Ine ndimachita chonchi. Ndimayamba ndayatsa Do Not Disturb kuti meseji ya munthu kapena nambala yotsimikizira ija imabwera pa meseji isatulukire pamwamba ndili mkati mojambula. Ndikafika pomwe akufunsa pini ndimanena ndi pakamwa kuti apa lembani pini yanu, nkuimitsa vidiyo ndisanalembe. Zotsatira zake ndimajambula sikirinishoti imodzi yoonetsa momwe sikirini imaonekera zikatheka. Ndi bwino kuimitsa kusiyana nkudalira kudula pambuyo, chifukwa mafoni ena amasunga vidiyo yoyambirira kuti muthe kuibwezera mwakale. Inuyo fufutani yakaleyo mbali zonse ziwiri, mu Trash momwe, ndipo musinthe pini.

Mwana_wachisamba
Ndaionera, manambala akuonekadi limodzi limodzi. Ndikusintha pompano.

Tsabola_Wakale
Komanso mavidiyowo ndi olemera, mayi anuwo amadawuniloda ndi data ya ndani? Zithunzi zinayi zokhala ndi mivi zikanakwana.

Mwana_wachisamba
Ndinayesa zithunzi, zimasokonekera dongosolo zikafika, sadziwa choyamba ndi chiti. Komanso mawu anga amawathandiza, amamva ngati ndili pompo.

Wokonza_Mafoni
Zonse zili ndi malo ake. Vidiyo ya mphindi imodzi itha kudya malo a masikirinishoti makumi angapo, zimatengera foni ndi momwe mwaikira, mafoni ena amalola kutsitsa kufika 720p kapena 480p ndipo zilembo za menyu zimawerengekabe. Ine ndimati ngati chovuta ndi kupeza pomwe batani labisala, kutsitsa, kutsetsereza, vidiyo ndiye yabwino koma ikhale ya ntchito imodzi, yosapitirira mphindi. Ngati ndi zinthu zoti munthu awerenge nkukopera, monga nambala ya akaunti kapena masitepe omwe wina wakulemberani, sikirinishoti ndiye yabwino, ndipo mulembepo 1, 2, 3 ndi cholembera cha pa foni kuti dongosolo lisasokonekere. Chinanso, malangizo amakalamba. Apu ikasinthidwa mabatani amasamuka, mayi nkumafunafuna chinthu chomwe kulibenso. Muzinena mwezi ndi chaka koyambirira kwa vidiyo, ndipo mukajambula yatsopano yakaleyo ichoke mu alubamu.

Nyenyezi_ya_mmawa
Ndabweranso. Meseji ija ndaipeza, nambala ndamutumizira, akuti ayang'ana madzulo akaweruka. Pano ndikufuna ndikonze bwino. Alubamu imodzi ya Malisiti yakula kwambiri, ndimatsitsa mpaka chala kuwawa. Ndigawe bwanji, mwezi ndi mwezi?

Kadziwotche
Mwezi ndi mwezi basi. Januwale, Febuluwale, choncho. Zimaoneka zadongosolo.

Phwiti22
Ine ndikukana. Foni imasanja kale zithunzi potengera deti, ndiye alubamu ya mwezi ikungobwereza zomwe foni ikuchita yokha, chaka chikatha muli ndi maalubamu 12 ndipo simukumbuka kuti munalipira mwezi uti. Mkangano ukabuka funso limakhala lakuti munthu uyu ndinamulipira kangati, osati mu Meyi ndinalipira ndani. Gawani potengera nkhani: ya nyumba, ya sukulu, ya katundu wa pangongole uyu payekha. Ya munthu mukulimbana nayeyu ikanakhala payokha mukanaona msanga kuti pakati pa gawo loyamba ndi lachitatu pali mpata.

Kadziwotche
Nanga amene amachita malonda nkumawerengera pakutha pa mwezi? Kwa iyeyo mwezi ndiye nkhani.

Tsabola_Wakale
Apa Kadziwotche walasa. Ine zanga zimayenda ndi mwezi.

Wokonza_Mafoni
Mu Google Photos ndi pa iPhone simufunika kusankha, paja alubamu siipanga kope, ndiye lisiti limodzi litha kukhala mu alubamu ya munthu ndi ya mwezi osadya malo owonjezera. Chomwe chinakupwetekani achemwali ndi chomwechonso chikuthandizeni apa. Kwa Kadziwotche ndi Gallery yake ndiye ayenera kusankha kapena kukopa.

Koma musachulutse maalubamu, akapitirira asanu kapena asanu ndi limodzi ulesi umayamba ndipo zithunzi zimangotsala mu Screenshots. Chomwe chimathandiza kwambiri ndi kulemba mawu pa chithunzi. Mukachitsegula nkuchikankhira mmwamba pali polemba Add a caption, lembani mwachidule, mwachitsanzo gawo 2 katundu wa pangongole, mawuwo mudzawapeza pofufuza. Google Photos imathanso kufufuza zilembo zomwe zili mkati mwa chithunzi chomwe chinakwera, iPhone nayo imatero kuyambira iOS 15, koma nthawi zina zimaphonya, ndiye mawu olemba nokha ndi odalirika.

Pomaliza za malo zomwe zinayambitsa zonsezi. Ngati mukufuna kuti malisiti asamaoneke pakati pa zithunzi za ana, gwiritsani Archive, chithunzi chimabisika pa tsamba lalikulu koma mu alubamu chimakhalabe, kungoti malo sichimasula. Ngati mukufuna malo, gwiritsani Free up space kapena Delete from device, izi zimachotsa za pa foni zokha nkusiya za pa akaunti. Dziwani kuti mukatero lisiti lingafune netiweki kuti litseguke, ndiye omwe nkhani yake siinathe asiyeni pa foni.

Mlonda_wa_usiku
Ine ndimangodzitumizira ndekha pa WhatsApp, zonse zili pa macheza amodzi. Palibe za maalubamu.

Phwiti22
Zimagwira mpaka tsiku lomwe foni yatayika bakapu ya macheza isanachitike. Komanso pofufuza mumatani?

Mlonda_wa_usiku
Ndimalemba mawu pansi pa chithunzi chilichonse ndikamatumiza, pofufuza amabwera. Bakapu ndinaika ya tsiku ndi tsiku. Sindinaonepo vuto.

Gogo_wa_Anayi
Adzukulu amatenga foni yanga kuseweretsa magemu. Malisiti ndi mavidiyo amenewa sangawafufute? Palibe potsekera?

Kadziwotche
Ikani mu Locked Folder ya mu Google Photos agogo, imatsekedwa ndi pini ya foni, mwana sangalowe.

Wokonza_Mafoni
Potsekera ndi pomwepo koma agogo amve kaye mtengo wake. Chithunzi chikalowa mu Locked Folder chimachoka mu maalubamu onse ndipo pofufuza sichibwera, ndiye dongosolo lonse takambali limatha. Bakapu yake ndi yapayokha, muyenera kuiyatsa mkati mwa foda yomweyo, mukapanda kutero foni ikatayika kapena ikafufutidwa yonse zapita, ndipo zimenezo ngakhale ine sindingazibweze. Komanso ngati adzukulu amaidziwa pini ya foni ndiye kuti simunatseke kanthu. Ine ndikanaikamo zokhazo zoonetsa chiphaso kapena nambala yonse ya akaunti, malisiti wamba akhale mu alubamu. Za ana pali App pinning mu Settings, imakhomerera gemu imodzi pa sikirini kuti asatulukemo popanda pini. Foni yanu ndi ya mtundu wanji agogo, ndikuuzeni pomwe ili?

Gogo_wa_Anayi
Dikirani abwere wamkuluyo andiwerengere dzina lake kuseri, zilembo zake nzazing'ono.